Nambala ya pa botolo la divelopa: mawu kwa ana anga a m'saluni

Ana anga, inu amene mwayamba kugwira mitu ya anthu m'masaluni a ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi kwina konse kumene chipeso chikukudyetsani, khalani pansi tikambe za botolo loyera lija limene mumathira m'dayi. Ndimakuonani mukapita kokaoda katundu. Pashelefu pali mabotolo anayi olembedwa 10, 20, 30 ndi 40, mtengo wake pafupifupi umodzimodzi, ndiye dzanja limathamangira la 40, poti mwati lamphamvu ndilo lopindulitsa. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa mitu yambiri imene imabwera kwa ine tsitsi likuyoyoka inapwetekedwa pashelefu pomwepo, mwini wake asanakhale n'komwe pampando.

Divelopa ndi haidrojeni perokosaidi wosungunulidwa m'madzi kapena m'kirimu. Nambala ya voliyumu ikunena kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni umene mankhwalawo angatulutse: lita imodzi ya voliyumu 10 imatulutsa malita 10, ya voliyumu 40 imatulutsa malita 40. Mabotolo ena amalemba mapelesenti m'malo mwa voliyumu, ndiye dziwani kuti voliyumu 10 ndi 3%, voliyumu 20 ndi 6%, voliyumu 30 ndi 9%, ndipo voliyumu 40 ndi 12%. Mukaona botolo lalembedwa 9%, musanyengeke ndi kuchepa kwa nambalayo. Ameneyo ndi 30 yemwe uja.

M'botolo mwake perokosaidi amakhala phee, ndipo mutamupaka yekha pa tsitsi sangachite zambiri. Chimene chimamudzutsa ndi amoniya, kapena mankhwala ena ofanana naye, amene ali m'chubu cha dayi. Amoniya amatupitsa tsitsi ndi kutukula timamba timene timakuta kunja kwake, perokosaidi n'kulowa mkati. Akalowa amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amaphwanya melanini, mtundu wakuda umene munthu anabadwa nawo, ndipo kumeneko ndiko kuyeretsa tsitsi. Amalumikizanso tizidutswa tating'ono ta dayi, timene timalowa tilibe mtundu, kuti tikule ndi kukodwa mkati mwa tsitsi, ndipo kumeneko ndiko kupereka mtundu watsopano. Koma pali ntchito yachitatu imene palibe anamutuma. Perokosaidi sasiyanitsa bwino melanini ndi thupi la tsitsi lenilenilo, choncho amadula ndi mfundo za salufa zimene zimagwira tsitsi kuti likhale lolimba. Mfundo zimene iye wadula sizilumikizikanso. Mafuta ndi kondishona zimangofewetsa pamwamba. Voliyumu ikamakwera, kuyeretsa kumakula, kuwononga kumakula, koma dayi wolowa m'tsitsi sachuluka. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Pantchito yathu kuda ndi kuyera kwa tsitsi timawerenga m'malevulo, kuchokera pa 1, tsitsi lakuda bii, kufika pa 10, loyera ngati la ana a azungu. Anthu athu ambiri amabadwa pa levulo 1 kapena 2. Ndi dayi wokhalitsa, voliyumu 10 sayeretsa kwenikweni, akachita zambiri ndi levulo imodzi. Voliyumu 20 amakweza levulo imodzi kapena awiri, 30 awiri kapena atatu, 40 atatu, mwina anayi ngati dayiyo anapangidwira kuyeretsa kwambiri. Tsono werengani nokha. Mtsikana wa tsitsi la levulo 2 wabwera ndi bokosi la dayi la chithunzi cha mzimayi wa tsitsi la golide, la levulo 8. Inu mwathira 40 kuti lifike msanga. Awiri kuphatikiza atatu ndi asanu. Lifika pa levulo 5, ndipo tsitsi lakuda likamayera limadutsa m'mitundu yake motsatana, kuyambira kufiira, kenako mtundu wa lalanje, kenako chikasu. Pa levulo 5 pali kufiira kosakanikirana ndi lalanje, ndipo dayi wa levulo 8 ndi wopepuka kwambiri moti sangabise zimenezo. Mtsikana uja atuluka ndi mutu wa dzimbiri, tsitsi louma, khungu likunyerenyetsa, golide osamuona. Silinali vuto la mphamvu yochepa. Dayi ali ndi malire ake, ndipo botolo la 40 silisuntha malirewo.

Mudziwenso kuti dayi sayeretsa dayi mnzake. Ngati munthu anapakapo wakuda miyezi yapitayo, perokosaidi wa m'dayi watsopano adzayeretsa tsitsi longomera kumene la m'munsi, koma la kumtunda lidzangokhala lakuda. Mudzakhala ndi mutu wowala kumizu, wakuda kunsonga. Ndiye funso loyamba musanatsegule botolo lililonse ndi lakuti, “Asisi, m'mutumu mwapakamo chiyani chaka chino ndi chatha?” Funsani mofatsa, kawiri, chifukwa ambiri amaiwala kadayi ka m'kapaketi kamene anapaka kunyumba pokonzekera ukwati.

Tibwere ku imvi, popeza ndiko kumene ndalama za saluni zimachokera mwezi ndi mwezi, ndiponso ndiko kumene ana ambiri amasokera. Imvi ndi tsitsi lopanda melanini. Mulibe choyeretsa. Chimene likufuna ndi dayi wokwanira, wolowa bwino, wokhala nthawi yokwanira. Kawirikawiri imvi zimakhala zolimba, timamba take totsekeka, makamaka za m'mbali mwa mutu ndi za pachipumi, motero zimafuna mphamvu yokwanira kuti dayi akhwime mkati. Mphamvu imeneyo ndi voliyumu 20. Mukatsika ku 10 pa imvi zolimba, dayi amangozidetsa pang'ono, zimaonekabe ngati ulusi wotuwa pakati pa tsitsi lakuda. Kwa mayi wa imvi zowerengeka zimenezo n'zokongola ndithu, ndipo ena amazikonda. Koma kwa amene akufuna kuti zisaoneke n'komwe, 10 ndi wochepa.

Cholakwa chachikulu chili mbali inayi. Imvi zikakana, mwana wa saluni amati mphamvu yachepa, n'kutenga 30 kapena 40. Taonani zimene zimachitika. Tsitsi lakuda lozungulira imvi limayera kwambiri n'kutulutsa kufiira kumene mayiyo sanapemphe. Perokosaidi wochuluka uja amawononganso wina mwa dayi amene wangopangika kumene, ndiye imvi zimatuluka zowala, zoonekera mkati, osati zophimbika. Ndipo popeza timamba tatukuka kwambiri, dayi wotsalayo amachoka msanga pochapa. Pakatha masabata awiri mayi uja ali pakhomo, akuti munamupaka dayi wachinyengo. Imvi zikakana, musakweze voliyumu. Onani ngati dayi wanu ali ndi nambala yothera .0, kapena chilembo N, amene ali ndi mitundu yonse yofunika kudzaza tsitsi lopanda kanthu. Onani ngati munapaka mokwanira, osati mongopukuta. Onaninso ngati munadikira nthawi yonse.

Ndikupatseni mutu umodzi tiukonze limodzi. Mayi wa zaka za m'ma 50, tsitsi lake lachibadwa levulo 2, kutsogolo theka ndi imvi, kumbuyo zochepa. Amawongola tsitsi ndi rilakisa, ndipo anapaka komaliza masabata atatu apitawo. Dayi anapaka miyezi iwiri yapitayo, ndiye kumizu kuli masentimita awiri opanda dayi, ndipo kunsonga kwafiira ndi dzuwa. Akufuna bulawuni woderako, wooneka ngati wachibadwa.

Choyamba ndi masiku. Rilakisa ndi dayi wokhalitsa sizikumana tsiku limodzi, pamafunika masabata awiri pakati, ndipo rilakisa ndiye amayamba. Mayiyu wadutsa pamenepo. Chachiwiri, mupake kadontho ka dayi kuseri kwa khutu ndi kudikira maola 48, chifukwa dayi woderapo amakhala ndi PPD kapena abale ake, ndipo pali anthu amene amatupa nkhope yonse. Munthu akhoza kupaka zaka zambiri bwinobwino n'kudzayamba kudana naye mwadzidzidzi. Chachitatu, muyese pa kachingwe ka tsitsi ka malo obisika. Tsitsi lowongoledwa limamwa msanga, ndipo nthawi zina dayi wofatsa wopanda amoniya, wosakaniza ndi voliyumu 10 kapena wocheperapo, amaphimba imvi zake mokwanira. Zikatero imani pomwepo, mwapeza njira yosavulaza. Ngati imvi za kutsogolo zikuonekabe, tengani dayi wokhalitsa wa 3.0 ndi voliyumu 20, osapitirira.

Sakanizani monga pepala la m'bokosi likunenera. Ngati likuti muyezo wofanana, ndiye magalamu 30 a dayi ndi magalamu 30 a divelopa, ndipo ngati likuti gawo limodzi ndi theka, divelopa akhale magalamu 45. Kasikelo kakang'ono ka kukhitchini n'kotchipa kuposa kasitomala mmodzi wotayika. Amene amathira divelopa wambiri kuti chubu chikwanire mitu iwiri akusungunula dayi, ndipo imvi zidzamuulula. Mbale ikhale yapulasitiki kapena yagalasi, chifukwa chitsulo chimapangitsa perokosaidi kutha mphamvu ali m'mbale momwemo. Valani magolovesi. Yambani kutsogolo kumene imvi zachuluka, kuti zikhale ndi dayi nthawi yaitali, ndipo pakani masentimita awiri okhawo. Dikirani nthawi yonse yolembedwa, imene kawirikawiri ndi mphindi 35 kufika 45. Musachape msanga poona kuti m'mutu mwada, popeza kuyeretsa kumayamba msanga pamene dayi amamaliza kukhwima chakumapeto.

Nanga nsonga zofiira zija? Apa ndi pamene mmisiri amadziwika. Waulesi amakokera dayi yemwe uja mpaka kunsonga mwezi uliwonse, ndiye tsitsi limene linadya kale rilakisa limadyanso voliyumu 20 kakhumi. Kunsonga sikukufuna kuyeretsedwa. Sakanizani mbale ina ya dayi wofatsa ndi divelopa wake wochepa mphamvu, mutenge 4.0 chifukwa tsitsi lomwa msanga limatuluka loderapo kuposa nambala yake, ndipo mupake m'mphindi 10 zomaliza zokha. Mutu umodzi, mabotolo awiri. Mayi ameneyo tsitsi lake lidzatalika, ndipo adzabweretsa anzake a kumpingo.

Tsopano bulitchi, ufa uja. Ufa umenewu uli ndi mankhwala ake owonjezera ukali wa perokosaidi, ndiye nambala za malevulo ndatchula zija sizigwira ntchito pano. Voliyumu 20 wosakaniza ndi bulitchi amayeretsa kuposa voliyumu 40 wosakaniza ndi dayi. Pa bulitchi, voliyumu makamaka imalamula liwiro. Wa 40 ndi moto wa mapesi, umalilima nthawi imodzi, kupsereza zimene zili pafupi, n'kuzima ntchito isanathe, pamene wa 20 ndi makala oyaka pang'onopang'ono, amene amakupatsani mpata woona ndi kuphula pa nthawi yake. Bulitchi wa 40 amatupa msanga, amatentha, amauma, ndipo akauma wasiya kugwira ntchito. Mbali imene munayambira imakhala itapsa inu musanamalize mbali ina.

Tiyerekeze mnyamata wa tsitsi lalifupi, losapakidwapo kanthu, akufuna loyera ngati la osewera mpira a pa kanema. Kuchokera pa levulo 2 kufika pa 9 ndi malevulo asanu ndi awiri, ulendo wautali. Mankhwala adzakhudza khungu, ndiye voliyumu 20 ndiwo malire. Wa 30 ndi wa tsitsi lokulungidwa m'mafoyilo kutali ndi khungu, ndipo wa 40 wosakaniza ndi ufa asayandikire khungu la munthu. Ndaonapo zilonda zake, zotuluka madzi, zina zosiya dazi losameranso. Muuzeni abwere asanachape m'mutu kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti mafuta achibadwa ateteze khungu, asakande, ndipo ngati ndi wometa m'mbali, lezala lidikire mpaka ntchito itatha. Sakanizani monga wopanga ufayo akunenera, kawirikawiri magalamu 30 a ufa ndi 60 a divelopa, ndipo pakani mochuluka kuti tsitsi limire. Mphindi zisanu kapena khumi zilizonse, palani pang'ono ndi chipeso muone mtundu weniweni pansi pa phalalo. Musamuike m'dirayala. Musapitirire nthawi imene yalembedwa pa chitini, imene pa ufa wambiri siposa mphindi 50. Akanena kuti kukunyerenyetsa pang'ono, zimachitika. Akanena kuti kukuwotcha, chapani nthawi yomweyo ndi madzi ambiri, osakambirana.

Ulendo woyamba udzamufikitsa pa lalanje kapena pa chikasu choderapo. Iye adzakwinya nkhope. Muuzeni zoona: “Achimwene, lero tafika apa. Mubwere sabata yamawa kapena inayo timalize, khungu lipume kaye.” Asanapite, tengani tsitsi lonyowa pakati pa zala n'kulikoka pang'ono. Lamoyo limatamuka n'kubwerera. Likatamuka osabwerera, likamaterera ndi kunanda m'zala, kapena likaduka mosavuta, ulendo wachiwiri kulibe, ngakhale atalonjeza ndalama zowirikiza. Likapirira, ulendo wachiwiri ndi voliyumu 20 yemweyo kapena 10. Likafika pa chikasu chowala mumaike tona, ndipo tona amafuna voliyumu 10 kapena wocheperapo, chifukwa ntchito yake ndi kungokhazika mtundu pa tsitsi lotseguka kale. Tona wa pepo amapha chikasu, wa buluu amapha lalanje, koma palibe tona amene angayeretse tsitsi limene silinafike.

Pa tsitsi lowongoledwa ndi rilakisa, bulitchi ndimakana, ndipo ndikupemphani nanunso muzikana. Rilakisa, kaya wa soda kaya uja amati ndi wofatsa, amadula mfundo za salufa zomwe zija n'kuzisintha kotheratu. Bulitchi akabwera amapeza zotsala zochepa n'kuzimaliza. Tsitsi lotero silidikira mawa, limatsalira mu sinki. Ngakhale lachibadwa lathu lopotanali, musaliyese lolimba poona kuchuluka kwake m'mutu. Pamene lapindika paliponse m'pofooka, ndipo mafuta a pakhungu amavutika kufika kunsonga kwake. Likuoneka lamphamvu, koma limafuna dzanja lofatsa kuposa tsitsi lowongoka. Chimodzimodzi ndi mutu umene unapakidwa hena wosakaniza kapena madayi ena okhala ndi michere ya zitsulo. Akakumana ndi perokosaidi amatha kutentha mpaka kutulutsa nthunzi. Kachingwe koyesera kadzakuuzani zimenezi mutu wonse usanalowe m'mavuto.

Kutentha nako kumakweza mphamvu popanda kusintha nambala ya pa botolo. Khungu la m'mutu ndi lofunda, choncho sentimita imodzi kapena awiri oyandikira khungu amayera msanga kuposa kumtunda. Pa tsitsi lalitali losapakidwapo kanthu limene mukuliyeretsa, yambani pakati ndi kunsonga, mizu ibwere pomaliza, ndipo ngati kumtunda mwagwiritsa 30, kumizu tsikani ku 20. Kumbukiraninso nyengo. Saluni ya malata mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima si saluni ya ku Dedza mu Juni. Mankhwala omwewo amathamanga pa malo oyambawo, ndiye muziyang'ana m'mutu pafupipafupi, ndipo muzisakaniza pang'onopang'ono m'malo modzaza mbale imene idzafufuma musanaigwiritse.

Botolo lenilenilo limakalamba. Perokosaidi amatha mphamvu ndi dzuwa, kutentha, ndi kusatsekedwa bwino. Botolo losiyidwa pawindo miyezi ingapo likhoza kulembedwa 20 koma mkati muli mphamvu yochepa, ndipo inu mudzaimba mlandu dayi. Likatupa m'mbali kapena likamatulutsa mpweya wambiri potsegula, ndiye kuti okosijeni wayamba kale kuthawa. Sungani pa malo ozizira ndi amdima, tsekani mukangothira, ndipo wotsala m'mbale musamubwezere m'botolo. Pewaninso divelopa wopimidwa m'timabotolo topanda dzina, popeza simungadziwe ngati ndi 20 wothiridwa madzi kapena ndi 40.

Zikachitika kuti botolo lofunika latha kasitomala ali pampando, masamu ake ndi osavuta, bola mabotolowo akhale a kampani imodzi. Muyezo wofanana wa 10 ndi 30 umapereka 20. Muyezo wofanana wa 20 ndi 40 umapereka 30. Wa 40 wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana amatsika kufika pa 20, koma madziwo akhale otchezedwa a ku famase, osati a pamjigo kapena pachitsime amene nthawi zina amakhala ndi chitsulo, ndipo dziwani kuti phala lake lidzakhala lamadzimadzi, lothamangira m'maso ndi m'khosi. Kutsitsa mphamvu n'kotheka motero, koma kukweza ayi. Mabotolo awiri a 20 mukawaphatikiza ndi 20 yemweyo, ndipo kuthira wochuluka m'mbale kumangosungunula dayi.

Pokaoda katundu mwezi uno, ngati ndalama zikukwanira mabotolo awiri okha, tengani lalikulu la 20 ndi lina la 10. La 30 mudzagule laling'ono mukayamba ntchito ya mafoyilo ndi ya mawigi a tsitsi lenileni, pamene palibe khungu la munthu pansi. Ndipo mugule kabuku. Kasitomala aliyense alembedwe tsiku limene anapaka rilakisa, nambala ya dayi, voliyumu, magalamu, mphindi, ndi mmene tsitsi linaonekera atabweranso pakatha mwezi. Akadzati imvi zinaonekera msanga, mudzatsegula tsamba lake n'kuona ngati munachapa pa mphindi 25, ngati munathira divelopa wambiri, kapena ngati botolo linali lakale, ndipo mudzakonza chimenecho chokha.